Milomo ikusemphana ndi mawu: kukonza kanema wa msonkhano wojambulidwa ndi makamera angapo

Dandaulo limakhala lomwelomwe pafupifupi nthawi zonse. Msonkhano unajambulidwa ndi makamera atatu, pulogalamu yodulira makanema inalunzanitsa zonse pomvera mawu, poyambira panaoneka bwino, koma pofika mphindi 50 wolankhula akutsegula pakamwa mawu atadutsa kale. Ena vutoli amalizindikira atadula kale maola awiri.

Gwero la mavuto ambiri ndi limodzi. Pulogalamu simayang'ana milomo. Imatenga mafunde a mawu a fayilo iliyonse, timapiri tija timaoneka pamzere wa mawu, n'kufufuza pamene tikufanana. Ikapeza imalumikiza pamenepo, pamalo amodzi okha, n'kusiya. Ngati mawu anafika mochedwa ku kamera ina, kapena wotchi ya kamerayo ikuthamanga pang'ono, pulogalamu sidziwa.

## Musanakonze chilichonse, yezani

Sankhani mawu amodzi oti akhale mwini kanema yense. Pamsonkhano amakhala mawu ochokera ku mikisa, makina osonkhanitsira mawu a maikolofoni a wolankhula, kaya analowa mu rekoda kapena pa waya wopita ku kamera imodzi. Mawu a maikolofoni a pa makamera ena ntchito yake ndi yolunzanitsira basi, sapita kwa owonera. Mawu a mwiniwa musawasunthe. Chosunthidwa ndi kamera.

Kenako yezani kamera iliyonse malo atatu: koyambirira, pakati ndi kothera. Pezani mawu okhala ndi "p", "b" kapena "m", pomwe milomo imatsekana kenako n'kutseguka, kapena munthu mmodzi akuwomba m'manja poonekera. Yendani fulemu imodziimodzi, kutanthauza chithunzi chimodzichimodzi mwa zomwe zimapanga kanema, muwerenge kuti chithunzi chasiyana ndi mawu ndi mafulemu angati, ndipo chatsogola ndi chiti. Lembani papepala. Manambala atatuwo ndi amene akuuzeni gawo loti muwerenge m'munsimu: akafanana ndi vuto lina, akamakwera ndi lina, akamalumphalumpha ndi linanso.

## Chizindikiro 1: pulogalamu yakana kulunzanitsa, kapena yaponya fayilo kutali

Tchanelo yomwe pulogalamu ikumvera ilibe kanthu. Ichi ndiye chofala kwambiri. Kamera yokhala ndi malo awiri olowetsera mawu imatha kukhala ndi waya pa tchanelo 2 pomwe tchanelo 1 ili zii, ndipo pulogalamu imayambira pa 1.
- Tsegulani fayiloyo payokha, muone mafunde a tchanelo iliyonse.
- Mu Premiere Pro, pa zenera la `Create Multi-Camera Source Sequence`, sinthani `Track Channel` ifike pa tchanelo yomwe ili ndi mawu, kapena pa `Mix Down`.

Mawu a kamera ndi phokoso la holo lokhalokha. Kamera yakumbuyo imamva makina oziziritsa mpweya, mipando, anthu akunong'onezana ndi mawu obwerera kuchokera kumakoma. Mafunde ake amaoneka ngati mzere wonenepa wopanda timapiri. Makamera odzikwezera okha mphamvu ya mawu amaonjezera vutoli, chifukwa wolankhula akapuma amakweza phokosolo mpaka lifanane ndi mawu. Musalimbane ndi pulogalamu. Pezani phokoso limodzi lakuthwa lomwe lamveka pa mafayilo onse, monga kugogoda maikolofoni poiyesa kapena kutsokomola pafupi nayo, ikani chizindikiro pamenepo pa fayilo iliyonse, mulunzanitse ndi zizindikirozo.

Mawu anaphwanyika polowa. Mikisa imatulutsa mawu amphamvu kwambiri kuposa maikolofoni. Waya wake ukalowa pamalo otcheredwa pa `MIC` m'malo mwa `LINE`, mafunde amasanduka chipika chophwathalala pamwamba ndi pansi. Fayilo yotere lunzanitsani pamanja ngati pamwambapa.

Nyimbo yobwerezedwa. Okonza misonkhano amakonda kuseweretsa kanyimbo komweko wolankhula aliyense akamakwera pansanja. Pulogalamu imatha kugwirizanitsa kanyimbo koyamba ndi kachitatu, fayilo n'kupezeka mphindi 40 kutsogolo. Dulani mafayilo m'zigawo, wolankhula mmodzi chigawo chake, n'kulunzanitsa chigawo chilichonse popanda kanyimboko.

Ndi mawu a womasulira. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika zimasokoneza mutu. Pamsonkhano wa zilankhulo ziwiri, waya wina wochokera kwa a zokuzira mawu umanyamula mawu a womasulira. Amamveka bwinobwino, koma sangafanane ndi a kamera ina iliyonse, ndipo womasulira amatsalira m'mbuyo mwa wolankhula. Mverani musanadalire.

## Chizindikiro 2: makamera anali atatu, pazenera pabwera mabokosi khumi ndi awiri

Kamera imodzi yatulutsa mafayilo angapo ndipo pulogalamu yatenga iliyonse ngati kamera payokha. Makadi akale a FAT32 salola fayilo yoposa 4 GB, choncho kamera imadula yokha n'kupitiriza pa fayilo ina. Makamera ambiri akale ojambulira zithunzi amaimanso akafika mphindi 29 ndi masekondi 59, ndipo wojambula amachita kudinanso batani. Apa pamatayika masekondi enieni, pomwe pa kudula kwa 4 GB sipayenera kutayika kanthu.

Uzani pulogalamu kuti fayilo iliyonse ndi ya kamera iti musanapange gulu la makamera, lomwe limaonetsa makamera onse pamodzi kuti muzisankhapo podula. Mu DaVinci Resolve lembani `Camera #` pa mafayilo, kenako chongani `Detect clips from same camera`. Mu Final Cut Pro lembani `Camera Name` kapena `Camera Angle`. Mu Premiere Pro mutha kutsegula gululo ndi `Open in Timeline`, n'kukweza kapena kutsitsa mafayilo a kamera imodzi kuti akhale pamzere umodzi, osawasuntha kumanja kapena kumanzere.

Ngati pamalo polumikizana mafayilo pakumveka kaphokoso kapena pakusowa mafulemu, mwina munangotola mafayilo m'kati mwa khadi. Makamera a AVCHD amasunga uthenga wolumikizira zidutswazo m'mafoda ena. Koperani khadi yonse momwe ilili, mulowetse kudzera pa `Media Browser` mu Premiere Pro, ndipo zidutswazo zibwera ngati fayilo imodzi.

## Chizindikiro 3: kusemphana n'kofanana kuyambira koyamba mpaka kothera

Apa pulogalamu sinalakwitse. Yachita ndendende zomwe munaituma.

Kamera inali kutali ndi masipika. Kuwala kumafika pa kamera nthawi yomweyo, koma mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Pa mafulemu 25 pa sekondi, fulemu imodzi ndi mamilisekondi 40, ndipo pa nthawi imeneyi mawu amayenda mamita pafupifupi 14. Kamera yomwe ili mamita 28 kuchokera pa masipika imamva mawu patapita mafulemu awiri chionereni milomo. Pulogalamu ikakokera mawu ochedwawo kuti akumane ndi a mikisa, imakoka ndi chithunzi chomwe, ndiye milomo imatsogola ndi mafulemu awiri.
- Mudziwa kuti ndi zimenezi ngati kamera yapafupi ili bwino, yakutali ikutsogola, ndipo nambala sikusintha malo atatu aja.
- Tsegulani gulu la makamera m'kati mwake (`Open in Timeline`, kapena `Open in Angle Editor` mu Final Cut Pro), musunthire kamera yonseyo kumanja ndi mafulemu omwe munawerenga. Mukakonza m'katimo, malo onse omwe munadula kale akonzeka limodzi.

Chithunzi chinadutsa m'zipangizo zina. Kamera yomwe inadutsa m'makina osinthira makamera, m'chotumizira chopanda waya kapena m'kabokosi kolowetsera kanema mu kompyuta imachedwa, pomwe mawu a mikisa anafika molunjika. Apa zimatembenuka: mawu ndi amene amatsogola. Sunthirani chithunzicho kumanzere.

Mahedifoni anu. Mahedifoni opanda waya amachedwetsa mawu ndi mafulemu angapo. Ngati makamera onse akuoneka kuti atsogola mofanana, valani a waya muyezenso musanakhudze kanthu. Ndaonapo munthu akusuntha makamera onse kukonza vuto lomwe linali m'makutu mwake.

Chithunzi chimasuntha ndi fulemu yathunthu, choncho theka la fulemu litha kutsala. Likatsala, lolani kuti milomo itsogole pang'ono. Diso linazolowera kuona chinthu kenako n'kumva, koma mawu otsogola limawagwira msanga.

## Chizindikiro 4: poyambira zili bwino, kusemphana kukukula pang'onopang'ono

Ili ndiye vuto lenileni la misonkhano, chifukwa cha kutalika kwake. Pa kanema wa mphindi zitatu simungalione.

Mawotchi a zipangizo sathamanga mofanana. Kamera iliyonse ndi rekoda iliyonse ili ndi wotchi yakeyake m'kati, ndipo palibe ziwiri zofanana ndendende pokhapokha zitamangiriridwa pa wotchi imodzi. Kusiyana kwa magawo 50 okha pa miliyoni kumabala masekondi 0.18 pa ola, omwe ndi mafulemu anayi ndi theka. Kusemphana kotere kumakula mofanana, ngati mzere wowongoka.

Tiyeni tione chitsanzo. Gawo la m'mawa latenga mphindi 90, pa mafulemu 25 pa sekondi. Kamera A ili kutsogolo ndipo ikulandira waya wa mikisa, choncho mawu ake ndiwo mwini, ndipo iyo ili bwino paliponse. Kamera C ili kumbuyo kwa holo, ikuonetsa nsanja yonse. Poyeza, chithunzi cha C chatsogola ndi mafulemu 2 koyambirira, 5 pa mphindi 45, ndi 8 kothera.

Manambalawa ali ndi mavuto awiri osanjikizana. Mafulemu 2 oyambawo ndi a mtunda, ndipo amakonzedwa kamodzi posuntha kamera yonse. Otsala 6 ndi a wotchi: mafulemu 6 pa mphindi 90, kutanthauza fulemu imodzi mphindi 15 zilizonse. Nambala yapakati ndiyo umboni, chifukwa 5 ali pakati penipeni pa 2 ndi 8. Ikanakhala 2, 2, 8, tikanadziwa kuti si wotchi, china chake chinalumpha m'theka lachiwiri.

Pali njira ziwiri zokonzera. Yoyamba ndi kudula fayilo ya C m'kati mwa gulu la makamera, mphindi 15 zilizonse kapena pafupi pamenepo, n'kusunthira chotsalacho kumanja ndi fulemu imodzi. Sankhani pomwe anthu akuwomba m'manja kapena wolankhula wina akukwera, ndipo pa kampata ka fulemu imodzi komwe katsale muonetse kamera ina. Kudula kasanu kapena kasanu n'kamodzi kwakwana. Yachiwiri ndi kutambasula fayilo yonse. Mphindi 90 ndi mafulemu 135,000, choncho liwiro liyenera kutsika kufika pa 99.9956 peresenti. Kabokosi kolembamo liwiro nthawi zambiri sikalandira nambala yaing'ono chonchi, ndiye mumachita kukoka mchira wa fayilo ndi `Rate Stretch Tool`. Ine ndimakonda yoyamba. Fayilo yotambasulidwa imangobwereza fulemu imodzi apo ndi apo pamalo omwe simunasankhe, mwinanso wolankhula akugwedeza dzanja, pomwe podula mumasankha nokha.

Yezani kamera iliyonse payokha. B itha kumathamanga pomwe C ikutsalira.

Mafulemu pa sekondi anawerengedwa molakwika. Ngati kusemphana kwafika masekondi 3.6 pa ola, musaganize za wotchi. Kumeneku ndi kusiyana kwa 29.97 ndi 30, kapena 23.976 ndi 24. Fayilo ina yauzidwa kuti iseweredwe pa liwiro lomwe si lake. Onani `Interpret Footage` mu Premiere Pro kapena `Clip Attributes` mu Resolve, muibwezere pa nambala yomwe inajambulidwira. Kamera ya 25 ndi ya 29.97 zitha kukhala m'gulu limodzi popanda kusemphana, kungoti imodzi idzaoneka yonjenjemera pang'ono ikamazungulira. Ya 29.97 musaikakamize kusewera pa 25 poganiza kuti mukukonza, mungaitalikitse ndi mphindi zambiri.

Mawu a 44.1 kHz aseweredwa ngati a 48 kHz. Masiku ano mapulogalamu amasintha okha, choncho n'zosowa. Zikachitika simungaphonye: mawu amathamanga, amapyapyala, ndipo amasemphana ndi masekondi pafupifupi asanu pa mphindi imodzi yokha.

## Chizindikiro 5: kusemphana kukubwera n'kupita

Manambala anu ali ngati 0, 7, 3. Palibe mzere wowongoka.

Fayilo ndi ya foni kapena yojambula zomwe zili pa sikirini. Mafoni ambiri amasinthasintha mafulemu pa sekondi, makamaka m'holo mukazimitsidwa magetsi kuti masilaidi aoneke. Mapulogalamu ojambula misonkhano ya pa intaneti amachitanso chimodzimodzi. Tsegulani fayilo mu MediaInfo muone `Frame rate mode`. Ikati `Variable`, isintheni musanailowetse. Mu HandBrake sankhani `Constant Framerate`, kapena gwiritsani ntchito ffmpeg:

```
ffmpeg -i foni.mp4 -vf fps=25 -af aresample=async=1 -c:v prores_ks -profile:v 1 -c:a pcm_s16le -ar 48000 foni_25.mov
```

M'malo mwa 25 ikani nambala ya polojekiti yanu. Fayilo yatsopanoyo ikhala yaikulu kwambiri kuposa yoyamba. Ilunzanitseninso kuchokera pachiyambi, osangoilowetsa m'malo mwa yakale.

Khadi inalephera kulemba mafulemu ena. Khadi yochedwa kapena kamera yotentha imataya mafulemu, ndipo kusemphana kumalumpha pamalo amodzi. Pezani malowo pogawa pakati: yezani pakati pa malo abwino ndi oipa, kenako pakati pa theka lomwe lili ndi vuto, mpaka muwapeze. Dulani pamenepo musunthe chotsalacho.

Masilaidi ojambulidwa popanda mawu sangalunzanitsidwe ndi mafunde. Agwirizanitseni ndi kamera yomwe ikuona sikirini, pa fulemu yomwe silaidi ikusintha, ndipo muyezenso kothera.

## Chizindikiro 6: mawu akumveka kawiri, kapena akusintha kamera ikasintha

Ngati wolankhula akumveka ngati ali m'mgolo, mizere iwiri ya mawu ikusewera limodzi, wa mikisa ndi wa kamera. Zimitsani yonse kupatula wa mwini. Ngati mawu akusintha pa kudula kulikonse, mwasiya kuti mawu azitsatira chithunzi. Mu Premiere Pro chotsani chongi pa `Multi-Camera Audio Follows Video`, ndipo popanga gulu musasankhe `Switch Audio`. Mu Resolve ndi Final Cut Pro dinani batani losintha chithunzi chokha, lomwe lili pa zenera loonetsa makamera onse.

Pamakhala malo amodzi pomwe mawu a kamera amapulumutsa: munthu wa m'gulu akafunsa funso maikolofoni isanamupeze, mikisa imakhala chete. Kwezani mawu a kamera yapafupi naye pa funso lokhalo, muwalowetse ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono.

## Chizindikiro 7: kudula kukugwera malo olakwika

Kompyuta ikulemedwa. Kusewera mafayilo anayi a 4K nthawi imodzi, makamaka a H.264 kapena H.265, kumachititsa kuti chithunzi chizidukiza. Mukadina batani la 2 kuti mudulire pa kamera yachiwiri, zomwe mukuona zimakhala zadutsa kale. Tsitsani kaye `Playback Resolution`, ubwino wa chithunzi choonera, kufika pa `1/4`. Zikakanika, pangani mapulokisi, timafayilo topepuka ta ProRes Proxy kapena DNxHR LB. Akhale ndi mafulemu pa sekondi, kutalika ndi matchanelo a mawu ofanana ndi mafayilo enieni, apo ayi kulunzanitsa kudzasokonekera potulutsa kanema. Onaninso disiki: mafayilo onse akakhala pa disiki imodzi yozungulira, imachita kuthamangira uku ndi uku.

Chala chimachedwa. Ngakhale kompyuta ili bwino, munthu amadina atamva kale kuti wina wayamba kulankhula. Dulani ulendo woyamba ndi mabatani a manambala osaima, kenako bwererani musunthe malo odulawo ndi `Rolling Edit Tool`, yomwe imasuntha polumikizana popanda kusokoneza kulunzanitsa. Pa zokambirana za anthu angapo, si vuto kuti mawu a woyankha ayambe chithunzi chidakali pa wofunsa. Zimaoneka mwachibadwa kuposa kudula pa chilembo choyamba.

Mwadulira pa kamera yomwe sinakonzeke. M'kabokosi kakang'ono simuona kuti wojambula akadafufuza wolankhula kapena chithunzi sichinakhazikike. Onerani zomwe mwadula pa zenera lalikulu. Kamera yoonetsa nsanja yonse ndiyo pothawira, bola ikhale yolunzanitsidwa bwino, ngakhale milomo ikuoneka yaing'ono.

Musagwiritse `Flatten` mpaka mwini ntchito atavomereza kanema. Mukatero kudula kulikonse kumasanduka fayilo payokha, ndipo mafulemu awiri omwe mukanawakonza kamodzi mudzawakonza malo mazana.

## Pomwe muyenera kusiya n'kuitana katswiri

- Fayilo sikutseguka, kapena ffmpeg ikuti `moov atom not found`. Kamera inazima isanatseke fayilo. Chotsani khadi, musajambulirepo kanthu, musaifufute. Kuyesa kulikonse kuchitike pa kope, ndipo ngati ndi nkhani ya wolankhula wamkulu pitani nayo kwa wodziwa kubweza mafayilo.
- Khadi kapena disiki ikusowa n'kubwera, kapena disiki ikugogoda. Izimitseni. Kuiyatsa mobwerezabwereza kumaononga zomwe zikanapulumuka.
- Mawu a mwini ndi amene aphwanyika kapena akuduka, ndipo palibe ena abwino. Yambani mwafunsa a zokuzira mawu ngati anasunga awo pa mikisa. Ngati alibe, katswiri wa mawu ali ndi zida zokonzera mafunde ophwanyika pang'ono, koma ophwanyikiratu sabwerera.
- Kusemphana kukulumphabe mutasintha fayilo kukhala ya mafulemu okhazikika, ndipo kukusintha mphindi zingapo zilizonse. Nthawi za m'kati mwa fayilo zaonongeka. Tumizani kwa katswiri fayilo yoyambirira ija, osati yosinthidwa, pamodzi ndi pepala la manambala omwe munayeza ndi mphindi zomwe munayezerapo.